Mutu wa imelo: njira zisanu zolembera, ndi imene imapezekabe pakatha miyezi isanu ndi itatu

Mutu wa imelo umagwira ntchito kawiri. Koyamba ndi lero, pamene wolandira akuyang'ana pa foni ali pakati pa zina, maimelo atandandalika, iye akusankha woti atsegule tsopano ndi woti udikire. Kachiwiri ndi patsogolo, miyezi itapita, pamene munthu yemweyo kapena wina amene analowa m'malo mwake wakhala pa kompyuta akutaipa mawu m'bokosi lofufuzira, akuyesa kukumbukira kuti nkhani ija inalembedwa bwanji. Woyambayo amaona zilembo zochepa zakumayambiriro basi. Wachiwiriyo saona kanthu mpaka atalasa liwu lenileni limene inu munalemba. Njira zambiri zimene timagwiritsa ntchito m'maofesi zimathandiza mmodzi n'kumusiya mnzakeyo pamsewu.

Kuti kuyerekeza kukhale ndi mutu ndi miyendo, titenge imelo imodzi n'kuiveka mitu yosiyanasiyana. Tiyerekeze kuti mumagwira ntchito ku kabungwe koona za madzi m'boma la Dedza. Mjigo wa Afridev wa m'mudzi wina ku Mtakataka wawonongeka, mmisiri wabweretsa kotesheni ya K480,000, ndipo mukufuna kuti bwana avomereze pofika Lachisanu pa 14 Malichi 2025 kuti zipangizo zigulidwe Lolemba. Mu Novembala kudzabwera owunika mabuku a ndalama, adzafunsa kuti amene analoleza ndalamazi ndani, ndipo analoleza liti.

Dzina la nkhani lokha

Njira imene imabwera yokha m'zala ndi kulemba liwu limodzi kapena awiri: "Mjigo", "Kotesheni", "Pempho". Ena amaika "Moni bwana", ena amasiya popanda kanthu. Ubwino wake ndi umodzi, siitaya nthawi ya wolemba. Koma bwana akaona "Mjigo" sadziwa ngati mukumuuza kuti wakonzedwa, mukumupempha ndalama, kapena mwangotumiza zithunzi. Ayenera kutsegula kuti adziwe, ndipo munthu wotanganidwa amati ndiona madzulo. Mu Novembala, ku bungwe limene ntchito yake ndi mijigo, kufufuza liwu loti mjigo kuli ngati kufunafuna thumba lanu la chimanga ku chigayo pomwe matumba onse ndi oyera.

Pali chizolowezi china chimene tinachitenga ku makalata a papepala. Kusukulu tinaphunzira kuti kalata ya ntchito ya Chingerezi imakhala ndi mzere woyamba ndi RE: kenako mutu m'zilembo zazikulu, ndiye anthu ambiri amataipa okha RE: pa imelo yatsopano. Mawuwa ndi ochokera ku Chilatini, kutanthauza "pa nkhani ya", ndipo chikalata cha malamulo a kalembedwe ka imelo chotchedwa RFC 5322, cha mu 2008, chimanena zomwezo. Koma chimawasungira yankho. Pulogalamu imaika yokha Re: mukadina Reply. Mukaika nokha pa imelo yoyamba, wolandira amaganiza kuti ndi yankho la nkhani yakale imene akuidziwa kale, ndipo akhoza kuidumpha. Mwatayanso malo a zilembo zinayi pachabe, pamalo pomwe malowo ndi odula.

Kukuwa

Njira yachiwiri ndi ya munthu amene wapsa mtima ndi kusayankhidwa: "MWAMSANGA!!!", kapena URGENT, n'kudinanso High Importance mu Outlook kuti patuluke kachizindikiro kofiira. Ndimamvetsa chimene chimachititsa, chifukwa mjigo ukafa amayi amakatunga kudambo, ndipo zimenezo si zochedwa nazo. Koma liwu loti mwamsanga silinena kuti msanga wake ndi ola lino kapena sabata ino, ndiye bwana sangaliike pa sikelo ndi maimelo ena anayi amene nawonso akuti mwamsanga. Kachizindikiro kofiira kaja nakonso kamadalira pulogalamu ya wolandira. Outlook imakaonetsa, koma Gmail ili ndi kamuvi kake kachikasu kamene imaika malinga ndi mmene ikuonera zochita za mwini wake, maimelo amene amatsegula ndi anthu amene amawayankha. Mukhoza kudina High Importance, mnzanu wa pa Gmail osaona kusiyana kulikonse. Pa nkhani yofufuza, njirayi ilibe chopereka. Palibe amene mu Novembala adzakumbukire nkhani ya mjigo ndi liwu loti mwamsanga.

Ngati chinthu chikufunikadi mu ola limodzi, imbani foni. Imelo itsatire pambuyo kuti pakhale umboni.

Chiganizo chathunthu

Njira yachitatu ndi yabwinopo kwambiri, ndipo anthu osamala amaikonda. Amalemba nkhani yonse m'mutu momwemo:

```
Pempho loti muvomereze ndalama zokonzera mjigo wa ku Mtakataka pofika Lachisanu
```

Pa kompyuta mutuwu ndi womveka bwino, waulemu, wonena chochita, malo ndi nthawi. Vuto limayamba pa foni. Mutuwu uli ndi zilembo 79 tikawerenga ndi mipata yomwe. Palibe lamulo limene laphwanyidwa, chifukwa mutu wautali mapulogalamu amangoupinda m'mizere ingapo pouyendetsa. Malire enieni ndi galasi la foni, pomwe mndandanda wa maimelo umaonetsa zilembo pafupifupi 30 mpaka 40, malinga ndi kukula kwa foni ndi kukula kwa zilembo zimene mwini wake anasankha. Tikadula pa 35, bwana aona izi:

```
Pempho loti muvomereze ndalama zoko
```

Ndalama za chiyani, kuti, pofika liti, zonse zagwera kuseri. Chichewa chathu chimakonda kuyamba ndi ulemu ndi kulongosola, nkhani yeniyeni n'kubwera kumapeto, ndipo mawu athu ndi aatali. Pocheza pakhonde zimenezi ndi zokoma. M'mutu wa imelo zimapangitsa kuti chofunikacho chikhale choyamba kudulidwa. Mukafuna kudziwa malire a foni ya bwana wanu, dzitumizireni imelo yokhala ndi mutu wautali, muwerenge zilembo zimene zaoneka pa foni yanu, kenako muchotsepo zingapo ngati iwo amakonda zilembo zazikulu.

Liwu loti Lachisanu lilinso ndi vuto lake. Imelo ikayankhidwa sabata yotsatira, mutu umakhalabe uli pomwepo ukunena Lachisanu, ndipo wowerenga sadziwa kuti ndi lapitalo kapena likubwerali. "Mawa" ndi "lero" zimawola msanga kuposa pamenepo. Lembani tsiku ndi mwezi. Ndipo mwezi ulembeni m'mawu kapena muyambe ndi chaka, chifukwa 03/04 kwa ife ndi kwa a ku Britain ndi pa 3 Epulo, pomwe kwa mnzanu wa ku America amene akupereka thandizo ndi pa 4 Malichi. Kalembedwe ka ISO 8601, koyamba ndi chaka kenako mwezi kenako tsiku, monga 2025-03-14, sikasokoneza aliyense.

Koma chofooka chachikulu cha chiganizo chathunthu chimaonekera pofufuza, ndipo apa ndipamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi vuto la chiyankhulo chathu chenicheni limene malangizo olembedwera olankhula Chingerezi saliona.

Bokosi lofufuzira la Gmail limafuna mawu athunthu. Silimatola kachidutswa ka pakati pa liwu. Outlook ya pa kompyuta imalolako kuti mutaipe chiyambi cha liwu, iyo n'kupeza mawu onse oyamba choncho. Kwa wolemba Chingerezi zimenezi n'zokwanira, chifukwa mawu awo amasintha kumapeto. Athu amasintha kutsogolo. M'mutu muja munalembedwa "zokonzera". Mu Novembala mudzakumbukira kuti nkhani inali yokonza mjigo, mudzataipa "kukonza", osapeza. Mudzayesa "konza", osapezanso, ngakhale mu Outlook, chifukwa liwu lija likuyamba ndi zo. Mneni mmodzi yemweyo akhoza kukhala akonze, tikonze, wakonzedwa, pokonza, zokonzetsera, ndipo kwa makina awa ndi mawu osiyana kotheratu. "Muvomereze" sadzapezeka ndi "vomereza" kapena "avomereza". Ngakhale mayina amatero: mjigo ndi mijigo, lipoti ndi malipoti, msonkhano ndi misonkhano, chikalata ndi zikalata. Onjezanipo kusiyana kwa kalembedwe pakati pa anthu a mu ofesi imodzi, wina "mjigo" wina "m'jigo", wina "Malichi" wina "Marichi", wina "lipoti" wina "ripoti", muona chifukwa chake timatha theka la ola tikufunafuna imelo imene tikudziwa bwino lomwe kuti ilipo.

Pa mawu onse a m'mutu uja, limene lingakupulumutseni ndi limodzi, Mtakataka, chifukwa dzina la malo silisintha maonekedwe. Phunziro limene ndimatengapo ndi loti mneni ndi wa wowerenga wa lero, pomwe wofufuza wa mawa amafuna dzina louma losasinthasintha: dzina la malo, dzina la bungwe, nambala. Zindikiraninso kuti "ku Mtakataka" ndi "kuMtakataka" si chinthu chimodzi kwa makina. Pa mutu wa imelo siyani mpata, dzinalo liime palokha.

Chiganizo chathunthu chili ndi malo ake pomwe chimapambana zonse: uthenga waufupi wongodziwitsa, umene sudzafunidwanso. "Msonkhano wa 10 koloko wasunthira ku 2 koloko" ukhoza kukwanira m'mutu momwemo, thupi la imelo n'kukhala lopanda kanthu. Ena amaika EOM kumapeto kusonyeza kuti uthenga wathera pomwepo. Gwiritsani ntchito zilembo zimenezi pokhapokha anzanu akuzidziwa, apo ayi adzatsegula ndithu kuti aone ngati mwaiwala kulemba.

Liwu lakutsogolo ndi tsiku lomaliza

Njira yachinayi ndi yoti ofesi igwirizane mawu ochepa oyambira mutu, amene amanena chimene wolandira akuyembekezeka kuchita. Asilikali a ku America amadziwika nayo: amayamba ndi mawu monga ACTION, SIGN, DECISION kapena INFO, kuti mkulu adziwe asanatsegule ngati akufunika kuchitapo kanthu, kusaina, kugamula, kapena kungodziwa. Mphamvu yake ili poti imathandiza munthu kusanja popanda kuwerenga. Pa maimelo makumi anayi, amangoyang'ana m'mphepete mwa kumanzere n'kutola asanu amene akudikira dzanja lake.

Kwathu kuno njirayi imakumana ndi funso la ulemu. Mukamasulira mwachindunji mupeza "Vomerezani", "Sainani", ndipo kalaliki wachinyamata sangalembere mkulu wa bungwe mawu olamula chotere osachita manyazi. Ambiri amathawira ku chiganizo chachitali chija pa chifukwa chimenechi. Komatu mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo mjigo ukhala wakufa sabata inanso chifukwa pempho linabisika kuseri kwa ulemu. Njira yotulukira imene ndimaiona kuti ndi yabwino ndi kugwiritsa ntchito dzina m'malo mwa mneni: Chilolezo, Kusaina, Funso, Chidziwitso. Dzina sililamula munthu, limangotchula mtundu wa nkhani, ndipo lili ndi phindu lija takambali, loti silisintha maonekedwe. Moni ndi mawu onse aulemu akhale m'thupi la imelo, momwe muli malo okwanira.

```
Chilolezo pofika 14 Malichi: mjigo wa Mtakataka
```

Zilembo 34 zoyambirira ndi "Chilolezo pofika 14 Malichi: mjigo". Bwana pa foni waona chimene akufunidwa, tsiku lake, ndi mtundu wa nkhani. Tsikulo ndi limene likugwira ntchito imene "mwamsanga" analephera, chifukwa tsiku likhoza kuyerekezedwa ndi masiku a maimelo ena. Ngati lero ndi pa 11 ndipo pali lina lofunika pa 12, iye adziwa yekha choyambira.

Njirayi imafa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuchulukitsa mawu. Ofesi ikagwirizana mawu khumi ndi awiri, pakatha mwezi palibe amene amawakumbukira, wina amalemba "Pempho" pomwe mnzake amalemba "Chilolezo". Anayi ndi okwanira, ndipo kusiyanitsa kofunika kwambiri ndi kumodzi: imelo yofuna kuti munthu achitepo kanthu, ndi imelo yongomuuza. Yachiwiri ndi kutumiza imelo imodzi kwa anthu asanu ndi atatu pomwe chilolezo chikufunika kwa mmodzi. Liwu lakutsogolo limakhala loona kwa iye yekha, enawo limawanamiza. Ikani wopereka chilolezo pa To, ena onse pa Cc, ndipo ofesi idziwe kuti liwulo likulankhula kwa wa pa To.

Mawuwa akakhazikika, wolandira akhoza kuuza pulogalamu kuti imusanjire. Mu Gmail amafufuza motere, kenako n'kudina Create filter n'kusankha kuti maimelo otere aziikidwa nyenyezi:

```
subject:Chilolezo
```

Mu Outlook zomwezi zimachitika kudzera pa Rules. Ena amakonda kutsekera liwulo m'mabulaketi kuti lioneke msanga. Maso zimawathandizadi, koma dziwani kuti Gmail pofufuza salabadira mabulaketi a m'mutu, chizindikiro cha * ndi zizindikiro zina zotere. Amaona liwu lokha. Choncho sankhani liwu limene silipezekapezeka m'mitu ina, musadalire mabulaketi kuti ndiwo alisiyanitsa.

Nambala ya nkhani

Njira yachisanu ndi imene makampani a mafoni ndi mabanki amagwiritsa ntchito mukapereka dandaulo: nkhani iliyonse imapatsidwa nambala yake, ndipo nambalayo imayenda m'mutu wa imelo iliyonse yokhudza nkhaniyo. Ku kabungwe kathu kaja, mjigo uliwonse ukhoza kukhala ndi nambala mu kaundula, uwu n'kukhala MJ017. Pa kufufuza palibe njira ina yofika apa. Nambala ilibe zambiri, ilibe kalembedwe kawiri, siisintha munthu akalemba m'Chichewa kapena m'Chingerezi, ndipo m'maofesi mwathu momwe imelo imayamba m'chiyankhulo china n'kuyankhidwa m'china, chimenechi ndi chachikulu. Mukaika nambala yomweyo pa dzina la fayilo ya kotesheni, pa vocha ya papepala, ngakhale pa uthenga wa pa WhatsApp pomwe bwana nthawi zina amangoyankha kuti pitirizani, ndiye kuti nkhani yonse yamangidwa ndi chingwe chimodzi.

Koma nambala payokha ndi yosalankhula. Mutu woti "MJ017" suuza bwana chilichonse lero, pokhapokha ataloweza kaundula. Imafunanso mwini wake: munthu mmodzi wosunga mndandanda, wopereka manambala atsopano, woonetsetsa kuti nkhani ziwiri zisatenge nambala imodzi. Pomwe palibe munthu wotere njirayi imasokonekera m'miyezi yochepa. Kalembedwe kake kakhalenso kamodzi. Wina akalemba MJ017, wina MJ 17, wina MJ-017, mwabwerera ku vuto la mjigo ndi m'jigo. Ndimakonda nambala yolumikizana yopanda mpata kapena kamzere pakati, yokhala ndi ziro kutsogolo kuti zonse zikhale zotalika mofanana, ndipo pofufuza izitaipidwa yonse, chifukwa kutaipa 17 yekha sikudzatulutsa MJ017.

Ngati ofesi yanu ndi ya anthu atatu ndipo nkhani zake n'zochepa, musadzivutitse ndi kaundula. Dzina la malo kapena la kasitomala, lolembedwa mofanana nthawi zonse, likugwirirani ntchito yomweyo. Nambala imayamba kubweza phindu pamene malo amodzi ali ndi nkhani zingapo, monga ngati ku Mtakataka muli ndi mijigo isanu ndi umodzi.

Mwina mwaona kale kumene ndikulowera. Njira yachinayi ndi ya lero, yachisanu ndi ya mawa, ndipo sizilimbirana malo, chifukwa wofufuza sasamala kuti liwu lili kutsogolo kapena kumapeto kwa mutu. Ndiye zilembo zoyambirira zipite kwa munthu wa pa foni, zotsalazo zipite kwa wofufuza:

```
Chilolezo pofika 14 Malichi: mjigo wa Mtakataka, MJ017, K480,000
```

Ndi zilembo 64. Zimene foni idzadule ndi zomwe bwana sakuzifuna kuti asankhe kutsegula kapena ayi. Ndalamazo ndaziika pamapeto penipeni chifukwa pa kompyuta zimathandiza maso kusiyanitsa kotesheni iyi ndi ina ya mjigo womwewo. Ngati bwana wanu amasanja ntchito potengera kukula kwa ndalama, zisunthireni kutsogolo, tsiku libwere pambuyo pake. Chaka sindinachiike, ndipo n'dala. Tsiku limene imelo inatumizidwa pulogalamu imalisunga yokha, ndipo mukhoza kufufuza nalo. Chaka chimafunika m'mutu pamene nkhani ikunena za nyengo ina yosiyana ndi tsiku lotumizira, monga lipoti la Disembala 2024 lotumizidwa mu Januwale 2025.

Mu Novembala owunika mabuku akafunsa, kufufuza mu Gmail kudzakhala kotere:

```
subject:MJ017
subject:(Chilolezo MJ017) after:2025/03/01 before:2025/04/01
subject:MJ017 has:attachment
```

Mzere woyamba ukutulutsa zonse za mjigowo. Wachiwiri ukutsalitsa pempho la chilolezo la mu Malichi pamodzi ndi yankho la bwana. Wachitatu ukutulutsa imelo yokhala ndi kotesheni. Mu Outlook subject: amagwiranso ntchito chimodzimodzi, kungoti pofuna maimelo okhala ndi mafayilo mumalemba hasattachment:yes. Kuika subject: kutsogolo n'kofunika, chifukwa popanda iye pulogalamu imafufuzanso m'thupi la maimelo onse, ndipo lipoti lililonse la pamwezi limene linatchula mjigowu lidzatulukira limodzi.

Nkhani ikasintha panjira

Mutu wabwino ukhoza kuwonongeka ndi mayankho. Bwana wavomereza pa 13 Malichi. Sabata yotsatira mnzanu akufuna kufunsa za mafuta a galimoto yopita ku Golomoti, ndipo m'malo molemba imelo yatsopano akutsegula yakale ija n'kudina Reply, poti maadiresi onse alimo kale. Tsopano nkhani ya mafuta ikuyenda pansi pa mutu wa chilolezo cha mjigo, chokhala ndi tsiku limene linadutsa. Bwana akuona mutu, akuti izi ndinamaliza kale, sakutsegula. Patsogolo wofuna nkhani ya mafuta sadzaganiza n'komwe zokaifuna pansi pa MJ017. M'maofesi ambiri maimelo otayika amatayika chonchi, osati chifukwa mutu woyamba unali woipa.

Pali njira ziwiri. Ngati nkhani ndi ina kotheratu, monga ya mafutayi, yambani imelo yatsopano ndi mutu wake, ngakhale zitanthauze kutaipanso maadiresi. Ngati nkhani ndi yomweyo koma yafika pena, sinthani mutu poyankha, nambala n'kuisiya momwemo. Mu Gmail ya pa kompyuta, mukadina Reply pali kamuvi pakona ya kumanzere kwa bokosi lolemberamo, ndipo pamenepo pali Edit subject. Mu Outlook yakale ya pa kompyuta mzere wa Subject umakhala poyera, mumangolembapo.

```
Chidziwitso: mjigo wa Mtakataka wakonzedwa, MJ017
Kusaina pofika 28 Malichi: vocha ya mmisiri, MJ017
```

Mtengo wake ulipo. Gmail imadula mndandanda wa zokambirana mutu ukasintha, imelo yatsopanoyo n'kuima payokha, monga momwe imachitiranso zokambirana zikapitirira maimelo 100. Amene amakonda kuona nkhani yonse pamalo amodzi amadandaula nazo, ndipo ali ndi mfundo. Apa ndipo nambala ija imalipira ngongole yake: mindandanda itatu yodukadukayo imabwerera pamodzi mukangofufuza MJ017. Popanda nambala kapena dzina lokhazikika, kusintha mutu kumamwaza nkhani, ndipo pamenepo ndingalangize kusintha pokhapokha ngati chochita kapena tsiku lomaliza lasintha. Kusintha mutu chifukwa chongokonza kalembedwe ka liwu n'kudula mndandanda pachabe.

Nanga imelo imene mwalandira kwa wina ili ndi mutu woti "Moni", koma mkati mwake muli kotesheni? Mu Outlook yakale ya pa kompyuta mukhoza kutsegula imeloyo pawindo lake, kudina pa mutu, kulembapo zanu n'kusunga. Gmail salola kusintha mutu wa imelo yolandira. Kumeneko mukhoza kuimata chizindikiro cha Labels, kapena kudzitumizira nokha ndi Forward mutasintha mutu n'kuikamo nambala. Ndi ntchito ya mphindi imodzi, yoyenera kuchitidwa tsiku lomwelo, mukadakumbukira kuti "Moni" ameneyu ndi wa mjigo uti.

Pali zinthu zimene siziyenera kulowa m'mutu ngakhale zitathandiza kufufuza. Mutu umaoneka pa foni ikadali yokhoma, ili pa tebulo pa msonkhano kapena m'manja mwa mwana kunyumba. Umaonekanso kompyuta ikalumikizidwa ku pulojekita. Ngakhale njira zodziwika zobisira imelo, monga PGP ndi S/MIME, mwachizolowezi zimabisa thupi la uthenga koma mutu zimausiya poyera. Choncho dzina la wodwala pamodzi ndi matenda ake, dzina la wantchito amene akuimbidwa mlandu wa kuofesi, malipiro a munthu, nambala ya akaunti ya ku banki, zonsezi zikhale mkati. Zikanakhala kuti nkhani yathu si ya mjigo koma ya wantchito amene akufunsidwa za ndalama zosowa, mutu ukanangoti "Funso pofika 14 Malichi: nkhani ya antchito, NT004", dzina la munthuyo n'kukhala mu kaundula wokhomedwa mu kabati ya woyang'anira antchito.